Mmene Mungachitire Bwana Akakulemberani Kuti "Let's Touch Base": Yankho kwa Msuweni Wanga

Asuweni anga okondedwa,

Uthenga wanu ndaulandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mwezi woyamba pantchito yatsopano watha bwino, kupatula mawu awiri a Chingerezi amene akusowetsani tulo. Mwandiuza kuti muli ku Dedza kumene mukuyang'anira ntchito yokonza mijigo, ndipo bwana wanu, amene amakhala ku likulu la bungwe ku Lilongwe, wakutumizirani imelo ya mzere umodzi yakuti: "Let's touch base on the borehole report before Friday." Mwafunsa ngati muyenera kukwera minibasi kupita ku likulu, popeza liwu lakuti *base* mumalidziwa ngati malo amene anthu amanyamukira ndi kubwererako akaweruka kumidzi. Musakwere, asuweni. Ulendo wa makilomita opitirira 80 pamsewu wa M1 suli m'mawu amenewa, ndipo ndalama yanu ya thiransipoti muisunge.

Chimene bwanayo akunena ndi ichi: tilankhulaneko mwachidule kuti ndimve pamene lipoti la mijigo lafika, Lachisanu lisanakwane. Taganizani za munthu amene wadutsa pakhomo panu ali pa ulendo, wagogoda odi, mwamutulutsira mpando koma iye wakana nati, "Sindikhalitsa, ndangoti ndimve ngati odwala aja adzuka bwanji." Waima pakhonde, wamva, wayankhapo mawu awiri, wapitiriza ulendo. Kukambirana kumene akukupemphani n'kwa mtundu umenewo. Mawu akuti *touch base* amatchulidwa kuti "tachi besi", ndipo anachokera ku masewera a ku America otchedwa besibo, momwe wosewera amathamanga mozungulira bwalo napondako malo anayi oikika otchedwa *base* asanawerengeredwe chigoli; akaponda pamalopo sakhalitsa, ndipo nthawi zina amangokhudza n'kupitirira. Mbiri yake ithere pomwepo, chifukwa vuto lanu lenileni lili kwina: mawuwa satchula tsiku, satchula njira yolankhulirana, ndiponso satchula amene ayambitse. Mipata itatu imeneyi imasiyidwa kuti wolandira uthenga aitseke, ndipo apa ndi pamene ambiri timapunthwa.

## Zimene muyenera kukhala nazo pafupi

- Uthenga weniweniwo, osati mmene mukuukumbukira, pamodzi ndi mauthenga ena amene anautsogolera pa nkhani yomweyo.
- Kalendala yanu ya ntchito, kaya ndi ya mu Outlook, ya Google, kapena dayale ya pepala.
- Kope ndi cholembera.
- Chikalata cha ntchito imene yatchulidwa, kwa inu ndi lipoti la mijigo, ngakhale likhale losamaliza.
- Foni yodzaza moto, mayunitsi, ndi bandulo yokwanira kulankhula mphindi 20, komanso malo amene mukudziwa kuti netiweki imagwira bwino.

## 1. Werengani mawu amene azungulira mawu awiriwo

Mawu akuti *touch base* paokha sanyamula zambiri. Katundu ali m'mawu oyandikana nawo. Yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi chimene chabwera pambuyo pa *on* kapena *about*, chifukwa umenewo ndiwo mutu wa nkhani. Mu imelo yanu mutu ndi lipoti la mijigo, osati khalidwe lanu, osati malipiro anu, osatinso kuchedwa kwanu kwa tsiku lija galimoto inatitimira m'matope. Chachiwiri ndi chimene chabwera pambuyo pa *with*, chifukwa ameneyo ndiye munthu woti mulankhule naye. Bwana akalemba kuti "Please touch base with Finance", sakufuna kuti mulankhule ndi iye, koma akukutumani ku ofesi ya zachuma, ndipo akuyembekezera kuti inuyo ndi amene muyambitse. Chachitatu ndi nthawi: *before Friday* ndiye kuti pofika Lachinayi madzulo mukhale mutalankhulana, pamene *next week* ndiye sabata yamawa, tsiku loti mugwirizane.

Chenjezo: Musatenge liwu limodzilimodzi kukalifufuza mu dikishonale. Mudzapeza kuti *touch* ndi kukhudza ndipo *base* ndi tsinde kapena likulu, ndipo mukaphatikiza mudzafika pomwe munafika paja, pa siteji ya minibasi. Mawu awiriwa ndi chining'a, monga mmene "kutsina khutu" sikukhudzana ndi zikhadabo kapena khutu la munthu.

## 2. Zindikirani kuti mwalandira mtundu uti mwa mitundu itatu

Pano ndikhalitsapo, chifukwa mukalakwitsa apa zotsatira zonse zimapotoka.

Mtundu woyamba ndi pempho lenileni. Mudzaudziwa chifukwa uli ndi mutu, kapena nthawi, kapena zonse ziwiri, ndipo kawirikawiri umayamba ndi *let's* kapena *can we*. Uthenga wanu ndi wa mtundu umenewu. Umafuna kuti mupeze nthawi yolankhulana.

Mtundu wachiwiri ndi chikumbutso chovala ulemu. Umayamba ndi mawu onga akuti "Just touching base on the receipts", ndipo wolembayo sakufuna msonkhano ayi. Akukuuzani mofatsa kuti pali chinthu chimene munalonjeza, monga malisiti a mafuta kapena mndandanda wa anthu amene anabwera ku maphunziro, ndipo sichinafike. Zili ngati mnzanu amene munakongola ndalama akakuimbirani n'kunena kuti, "Ndangoti ndikupatseni moni." Nonse mukudziwa chimene moniyo wanyamula. Yankho loyenera si kupempha nthawi yokambirana, koma kutumiza chinthucho, kapena kutchula tsiku lenileni limene mudzatumize. Mukalandira uthenga wotere kachiwiri pa nkhani imodzimodzi, dziwani kuti mtima wa wolembayo wayamba kutopa ngakhale mawu ake akhalebe ofewa.

Mtundu wachitatu ndi mawu otsanzikirana. Pamapeto a msonkhano, kapena mukakumana ndi mlendo wa ku bungwe lina pa maphunziro, munthu amatha kunena kuti "We'll touch base soon." Mulibe mutu, mulibe tsiku. Awa ndi "tionana" wathu uja: palibe amene amatulutsa kalendala mnzake akati tionana. Komabe pali kusiyana kumodzi kumene muyenera kusamala nako. Ngati mawuwa atuluka pamene munapita kukapempha chinthu, mwachitsanzo munafunsa za kontirakiti yanu kapena za njinga yamoto yogwirira ntchito, ndiye kuti nkhani yanu yaikidwa pambali, ndipo mukapanda kuikumbutsa nokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, ikhoza kugona pomwepo mpaka chaka kutha. Si kuti munthuyo wakukanani, koma sanakulonjezeninso kanthu.

Chenjezo: Anthu atsopano pantchito amakonda kusinthanitsa mitunduyi. Amalimbikira wachitatu, n'kumaimbira munthu amene ankangotsanzika, koma amanyalanyaza wachiwiri poganiza kuti ndi moni chabe. Chizindikiro chodalirika ndi kudzifunsa kuti: kodi pali chinthu cha munthu ameneyu chimene chili m'manja mwanga? Ngati chilipo, uthengawo ndi chikumbutso.

## 3. Yankhani tsiku lomwelo, ndipo mutchule tsiku, ola ndi njira

Kwathu kuno tinaleredwa kuti wamkulu ndiye amaitana, ndipo mwana amadikira. Ndikudziwa kuti kwa inu kutchulira bwana ola loti mulankhulane kukumveka ngati kudzikweza. M'maofesi amene amalankhula chining'a chimenechi zinthu zili mosiyana: bwana amene walemba mzere umodzi uja ali ndi anthu ambiri owayang'anira, ndipo amayamikira wantchito amene wamupeputsira ntchito yofunafuna nthawi. Mukangoyankha kuti "Noted", kenako n'kukhala chete kudikira kuitanidwa, Lachisanu lidzafika musanalankhulane, ndipo m'maso mwake wolephera mudzakhala inu.

Yankho lanu likhale lalifupi, lokhala ndi nthawi ziwiri zoti asankhepo ndi njira imodzi imene mukudziwa kuti idzatheka kumene muliko. Mungalembe motere:

"Thank you. Would Wednesday at 10:00 or Thursday at 14:00 suit you? A phone call is best, as the network is weak here."

Mwathokoza, mwapereka Lachitatu 10 koloko m'mawa kapena Lachinayi 2 koloko masana, ndipo mwanena kuti foni ndiyo ingathandize chifukwa netiweki ndi yofooka. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa inu amene mumayenda m'midzi. Anthu a ku likulu anazolowera Teams ndi Zoom, ndipo saganiza kuti pali malo amene uthenga wa WhatsApp umatenga theka la ola kuti upite. Kunena zoona za netiweki pasadakhale n'kwabwino kuposa kuvomera Teams kenako n'kumaduka mawu mphindi iliyonse.

Chenjezo: Musasankhe ola lomaliza la tsiku lomaliza. Magetsi akazima kapena bwana akaitanidwa kwina, simudzakhala ndi mpata wina. N'chifukwa chake ndaika Lachitatu patsogolo.

## 4. Ngati pempho labwera pa kalendala, dinani batani loyenera

Nthawi zina sipakhala imelo yofotokoza. Mumangoona pa Outlook kapena pa Teams pabwera chiitano chamutu wakuti "Touch base", cha mphindi 15 kapena 30. Chiitano chotere chili ndi mabatani, ndipo kungochiwerenga sikuyankha. Dinani Accept ngati nthawiyo ikutheka, Tentative ngati pali chimene chingakulepheretseni, ndipo ngati nthawiyo yawombana ndi ntchito ina gwiritsani ntchito Propose New Time m'malo mwa Decline, chifukwa kukana chiitano cha bwana popanda kupereka nthawi ina kumaoneka ngati mwano ngakhale inu musanafune kutero.

Popeza bungwe lanu limalandira thandizo kuchokera kunja, tsiku lina amene adzafune kulankhula nanu adzakhala ali ku London kapena ku Nairobi, ndipo pamenepo muwerengere maola. Nthawi ya ku Malawi ndi yofanana ndi ya ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa chaka chonse. Nairobi ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Dziko la Britain limasintha mawotchi kawiri pa chaka: kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala lili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, ndipo miyezi yotsalayo lili kumbuyo ndi maola awiri. Kalendala ya pa kompyuta imawerengera yokha ngati nthawi ya pa makina anu inaikidwa molondola, koma ola lolembedwa ndi dzanja mkati mwa imelo silisintha, choncho funsani kuti ndi 10 koloko ya kuti.

## 5. Konzekerani mfundo zitatu pa tsamba limodzi la kope

Ine nditangoyamba ntchito pa kampani ina ku Blantyre, ndinalandira mawu omwewa kuchokera kwa mkulu wa dipatimenti yathu. Ndinachezera usiku wonse kulemba masamba khumi ndi awiri, ndinawasindikiza m'mawa ndi ndalama yanga, ndipo ndinalowa mu ofesi yake mtima ukugunda. Anandifunsa mafunso awiri ataima, dzanja lili pa chitseko, ndipo zonse zinatha mu mphindi zisanu ndi ziwiri. Chimene chinandiwawa si tulo timene ndinataya, koma kuti funso lake lachiwiri, lakuti pali chimene ndikufuna kwa iye, ndinalibe yankho lake, chonsecho ntchito yanga inali itaima masabata awiri podikira siginecha yake. Sindikufuna kuti zimenezi zikuchitikireni.

Tsegulani kope ndipo mulembe mitu itatu: zimene zatheka, zimene zaima ndi chifukwa chake, ndi zimene mukufuna kwa bwana. Titenge ntchito yanu monga munandifotokozera. Munapatsidwa mijigo 12 ya mtundu wa Afridev kuti ikonzedwe. Pansi pa mutu woyamba mulembe kuti mijigo 9 yakonzedwa ndipo ikutulutsa madzi, komanso kuti makomiti a mijigoyo asaina mafomu. Pansi pa mutu wachiwiri mulembe kuti iwiri ikudikira mapaipi amene sanafike kuchokera kwa wogulitsa, ndipo umodzi makaniko wa m'deralo wapeza kuti madzi anatsika kwambiri kotero kuti kusintha zipangizo sikungathandize. Pansi pa mutu wachitatu mulembe mafunso awiri: kodi lipoti lipite Lachisanu lili ndi mijigo 9 yokha, kapena lidikire iwiri ija? Nanga mjigo wakhumi ndi chiwiri uchotsedwe pa mndandanda, kapena papemphedwe ndalama yoti akatswiri akauyeze?

Mutu wachitatuwu ndiwo mtima wa kukambirana konse. Zimene zatheka bwana akanatha kuziwerenga mu lipoti. Chimene sangachipeze popanda kulankhula nanu ndi malo amene ntchito yakodwa ndi chigamulo chimene iye yekha angapereke.

Chenjezo: Musabise mjigo wovutawo poopa kuoneka wolephera. Chifukwa chenicheni chimene mabwana amapemphera kukambirana kotere lipoti lisanatuluke n'chakuti amve nkhani zoipa kudakali nthawi yoti n'kukonza. Akaimva Lachitatu kuchokera kwa inu, ndi vuto la ntchito. Akaimva mwezi wamawa kuchokera kwa amfumu kapena kwa opereka thandizo, lasanduka vuto la kukhulupirika kwanu.

## 6. Pokambirana, perekani moni mwachidule ndipo muyambe ndi pamene nkhani yathera

Moni musausiye, chifukwa ulemu sutha ndi Chingerezi, koma ukhale wa mpweya umodzi. Kufunsa za kunyumba, za ana ndi za mvula, monga timachitira tikakumana kumudzi, kungadye theka la mphindi 15 zimene mwapatsidwa. Ngati bwanayo ndiye wayambitsa macheza otere, mutsatireni. Ngati sanayambitse, lowani m'nkhani.

Chovuta kwambiri kwa ife ndi dongosolo la kafotokozedwe. Tinazolowera kuyamba nkhani kuchiyambi: tsiku limene tinanyamuka, mmene msewu unalili, amene tinawapeza, kenako mapeto. Pabwalo la milandu kwa amfumu ndi mmene ziyenera kukhalira. Pano tembenuzani. Yambani ndi chiganizo chimodzi chonyamula zonse, chakuti mijigo 9 mwa 12 yatha, iwiri ikudikira mapaipi, ndipo umodzi ukufuna chigamulo chawo. Mukatero khalani chete pang'ono kuti afunse. Mafunso ake ndiwo adzakuuzani mbali imene akufuna kumva mwatsatanetsatane, ndipo nthawi zambiri si mbali imene inu mumaganizira.

Akakufunsani chinthu chimene simukuchidziwa, monga mtengo wa mapaipi otsalawo, musapeke nambala. Nenani kuti mufufuza ndipo mudzawatumizira pofika ola lakutilakuti. Nambala yopeka pafoni imalembedwa m'kope la bwana, ndipo mawa mudzaipeza mu bajeti ili ndi dzina lanu pambali. Nthawi imene munagwirizana ikatha, inuyo musayambitse nkhani yatsopano. Ngati pali ina yaikulu, monga ya alawansi imene sinabwere, itchuleni m'chiganizo chimodzi n'kupempha tsiku lake.

## 7. Lembani zimene mwagwirizana foni ikangodulidwa

Kukambirana kotere kulibe mlembi ndipo sipakhala maminitsi, choncho chimene mwagwirizana chimangokhala m'mitu ya anthu awiri otanganidwa. Pasanathe ola limodzi, tumizani imelo ya mizere itatu kapena inayi, poyankha pa uthenga woyamba uja kuti nkhani ikhale pamalo amodzi. Munene kuti mwagwirizana kuti lipoti lipite Lachisanu ndi mijigo 9, kuti inu mutumiza mtengo wa mapaipi Lachinayi, ndiponso kuti iwo afunsa za ndalama yoyezera mjigo wotsalawo. Ntchito iliyonse ikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Sitepe imeneyi ambiri amaidumpha poiona ngati yosafunika, koma ndi imene imakutetezani pamene pakatha masabata atatu wina akumbukira zosiyana ndi zimene zinanenedwa.

## 8. Dziwani pamene mawuwa abisa nkhani yolemera

Sindingakhale msuweni wabwino nditakuuzani kuti mawuwa ndi opepuka nthawi zonse. Kawirikawiri ndi opepukadi, koma alipo mabwana amene amawagwiritsa ntchito pofuna kukuitanani ku nkhani yovuta popanda kukuopsezani pasadakhale. Zizindikiro zake zimaoneka: chiitano chilibe mutu uliwonse, nthawi yake ndi yaitali monga ola lathunthu, chabwera mwadzidzidzi kuchokera kwa munthu amene salankhula nanu kawirikawiri, kapena pa mndandanda wa oitanidwa pali wa ku ofesi yoona za antchito. Chizindikiro chimodzi chokha sichikwanira kukudetsani nkhawa, koma zikakumana ziwiri kapena zitatu, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti: "Is there anything I should prepare?" Funso limeneli likungotanthauza kuti kodi pali choti ndikonzekere, ndipo palibe bwana wanzeru amene angakhumudwe nalo. Imelo yanu ilibe chizindikiro ngakhale chimodzi mwa zimenezi, chifukwa ili ndi mutu womveka ndipo yachokera kwa munthu amene lipotilo limapita kwa iye.

## 9. Mukafuna kuwagwiritsa ntchito nokha

Kalembedwe kake ndi *touch base with* kutsogolo kwa munthu, ndi *on* kapena *about* kutsogolo kwa nkhani. Liwu loyamba ndilo limasintha ndi nthawi, kukhala *touched* pa zimene zinachitika kale ndi *touching* pa zimene zikuchitika, pamene lachiwiri limakhala momwemo. Kwa anzanu a pantchito ndi kwa bwana amene amawagwiritsa ntchito yekha, mawuwa ndi oyenera. M'kalata yopita kwa bwanamkubwa, kwa mfumu yaikulu kapena ku unduna musawalembe, chifukwa ndi mawu a m'khonde la ofesi ndipo m'kalata yotere amamveka opepula. Dziwaninso kuti ngakhale eni chilankhulo ambiri amatopa nawo: pa kafukufuku amene kampani ya Glassdoor inachita pakati pa ogwira ntchito ku Britain mu 2017, mawuwa ndiwo anatsogola pa zining'a za mu ofesi zimene anthu amadana nazo. Maganizo anga ndi akuti muwamve bwino koma muziwagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Mukafuna kulankhula ndi munthu, kumuuza kuti mukupempha mphindi khumi Lachiwiri pa nkhani ya mapaipi kumamuthandiza kuposa kumupatsira chining'a chimene chakuzunzani inu sabata ino. Ndipo polankhula ndi makomiti a mijigo kapena amakaniko, Chichewa chili ndi mawu okwanira: tidziwitsaneko pamene zafika, timvaneko Lachitatu, ndikuimbirani kuti ndimve mmene zikuyendera.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kupita ndi thupi pamene foni ikanakwana. Mawuwa sakutanthauza kukumana maso ndi maso. Ngati bwana akufuna kuti mufike ku ofesi, adzawonjezera mawu akuti *in person* kapena adzatchula malo. Mukayenda ulendo umene sanakutumeni, mwataya tsiku la ntchito, ndipo ofesi ya zachuma ikhoza kukana kukubwezerani ndalama ya ulendowo chifukwa panalibe chilolezo.

Kusokonezeka ndi liwu lakuti *offline*. Pakati pa msonkhano wa anthu ambiri, wina akanena kuti "Let's touch base offline", sakunena za kuzimitsa intaneti. Akutanthauza kuti nkhaniyo ikukhudza inu awiri, ndipo muikambirane panokha msonkhano ukatha kuti ena asachedwe. Siyani mfundoyo pomwepo, ndipo msonkhano ukatha mulembereni kuti mupeze nthawi. Kulimbikira kuifotokoza pagulu pambuyo pa mawu amenewa kuli ngati kupitiriza kulankhula apampando atakupemphani kuti mukhale pansi.

Kulemba molakwika. Mudzaona ena akulemba *touch bases* kapena *touch basis*, makamaka pa WhatsApp. Musawatsanzire, kalembedwe kozolowereka ndi *touch base*.

Kutumiza lipoti lonse m'malo molankhula. Ena, poopa kulankhula Chingerezi pafoni, amayankha pempholi potumiza chikalata chachitali n'kuganiza kuti athana nazo. Bwana anapempha kukambirana chifukwa alibe nthawi yowerenga, kapena chifukwa ali ndi funso limene chikalata sichingayankhe. Ngati kulankhula kukukuvutani, werengani mokweza mfundo zitatu zija kawiri musanaimbe, ndipo ngati bwanayo ndi Mmalawi mnzathu, musadabwe kukambiranako kukatembenukira m'Chichewa pakangotha moni.

Kuyamba ndi kupepesa. Chifukwa choganiza kuti aitanidwa pa mlandu, ena amatsegula foni ndi kupepesa pa zinthu zimene bwana sankazidziwa n'komwe ndipo sankazifunsa. Pepesani pamene pali cholakwa chenicheni chokhudza mutu umene watchulidwa, kamodzi kokha, ndipo munene mmene mukonzere.

Kuiwala kubwerera kwa amene anakutumani. Mukauzidwa kuti mulankhule ndi a zachuma kapena ndi ogula katundu, ntchito sithera pa kulankhulako. Lemberani bwana mzere umodzi womuuza zimene mwamva kumeneko, chifukwa iye anakutumani kuti nayenso adziwe.

Tsono yankhani imelo ija lero dzuwa lisanalowe, mutchule Lachitatu 10 koloko, ndipo madzulo ano muimbire makaniko uja kuti akuuzeni kuya kumene madzi a mjigo wotsalawo afika, popeza limenelo ndilo funso loyamba limene bwana wanu angafunse. Mukamaliza kulankhula naye mundiimbire ndimve mmene zayendera, ndipo mundiperekere moni kwa azakhali mukapita kumudzi Loweruka.

Ndine msuweni wanu.